Fizi ya mtsikana wathu ya Seputembala

Achemwali a ku Kawale: Mwadzuka bwanji nonse? Fizi ya teremu ino yatha, ndiye tiyambiretu ya Seputembala poti mwana wa malemu achemwali akulowa Fomu 4. Panopa tikulipira K450,000 pa teremu ndi ya kogona yomwe, koma chaka chikamayamba sukulu zimakonda kukweza ndiye ndaikapo K50,000 yapadera, kenako K100,000 ya yunifolomu, nsapato, makope, sopo, shuga ndi thiransipoti. Zonse K600,000, ikhale itakwana pa 31 Ogasiti osati tsiku lotsegulira.

Achimwene a ku Biwi: Ndiye miyezi 5, K120,000 pa mwezi basi, tigawane anthu anayi.

Malume a ku Mitundu: Iyayi mphwanga, ine K30,000 mu Epulo ndiitenga kuti? Soya akadali kumunda. Mavenda afika kale ndi masikelo awo koma mitengo yake ndi yolira, ndikagulitsa pano ndangotaya. Ndidikireni Juni ndi Julayi, ndipereka K150,000 yonse, K50,000 ya soya mu Juni, K100,000 mu Julayi ndikaswa mtedza.

Achemwali a ku Kawale: Malume anena zoona, tisapange zofanana mwezi uliwonse, aliyense azipereka nthawi imene ndalama zimamupeza. Achimwene inu muli pa salale mungathe K40,000 pa mwezi? Ine K25,000, azakhali K25,000.

Achimwene a ku Biwi: Ndithe ndisathe mwalemba kale kkkk. Chabwino, bola pamathero a mwezi.

Azakhali a ku Chinsapo: Ine geni ya kaunjika imayenda bwino nyengo yozizira anthu akamafuna majuzi, Epulo ndivutikirapo koma ndiyesetsa. Ndizitumiza pang'onopang'ono sabata iliyonse chifukwa ndikasunga mpaka kutha kwa mwezi ndipezeka ndaodera belo.

Achemwali a ku Kawale: Zikomo azakhali. Ndiye zikhala chonchi, ndikulemba zimene zikhale zitasonkhana zonse pamodzi pofika tsikulo:
5 Meyi K90,000
5 Juni K180,000
5 Julayi K320,000
5 Ogasiti K510,000
31 Ogasiti K600,000
Ndaika pa 5 kuti ngati salale yachedwa pakhale mpata, koma yomaliza ilibe mpata umenewo, achimwene ya Ogasiti ikangolowa tumizani tsiku lomwelo. Tsiku loti tiliyang'anitsitse ndi 5 Ogasiti. Tikadzakhala pa K510,000 ndiye kuti fizi yonse ilipo ngakhale atakweza, yotsalayo ndi ya zogula basi. Koma pa 5 Julayi tikadzapezeka tili pansi pa K320,000 tidzaimbirane usiku womwewo n'kugawana chopereweracho, pakadali miyezi iwiri, osati kudzazindikira sabata yotsegulira n'kumathamangira katapila.

Alamu a ku Biwi: Pepani ndilowererepo, bwanji osaziika ku banki nkhonde kwathu zizikaswa?

Azakhali a ku Chinsapo: Mulamu, gulu lanu limagawana liti?

Alamu a ku Biwi: Disembala.

Azakhali a ku Chinsapo: Ndiye mwaona. Masheya satuluka pakati pa chaka, mu Ogasiti mudzachita kubwereka ndalama zanu zomwe ndi chiwongoladzanja, komanso nthawi imeneyo aliyense m'gulumo amafuna ngongole ya fizi, mubokosi mumakhala mulibe kanthu. Ya banki nkhondeyo tidzaiwerengere pa teremu ya Januwale.

Malume a ku Mitundu: Komanso zisakhalitse pa foni ya munthu. Kukangogwa maliro kapena matenda tonse timadziwa kuti pa Airtel Money ya uje pali ndalama, timati tibwereke tidzabweza, osabweza.

Achemwali a ku Kawale: Ndinafunsa kale kusukulu, akuti amalola kulipiriratu mzigawo bola pa silipi palembedwe dzina la mwana ndi kalasi. Ndiye muzitumiza kwa ine pa Airtel Money kapena Mpamba, muziwonjezera ya chotapira kuti isadye fizi, ine pa 6 ndizikaponya ku akaunti ya sukulu n'kujambula silipi kuika pano. Kusukulu ndiponya mpaka K450,000 yokha, poti ndalama ikalowa kumeneko kuibweza ndi nkhani. K50,000 ija ndiisunga mpaka kalata ya fizi yatsopano itabwera ndi mwana potsekera mu Julayi.

Achimwene a ku Biwi: Nanga akapanda kukweza?

Achemwali a ku Kawale: Ipita ku fizi ya mayeso a MANEB, Fomu 4 imeneyi musaiwale, siili mu K600,000 muja.

Azakhali a ku Chinsapo: Nsapato ndi juzi musagule, ndimusankhira mu belo la Juni, muchotse pa K100,000 ija. Munditumizire saizi.

Malume a ku Mitundu: Chiponde ndi chimanga chokazinga zichokera kuno. Amene akubwera ku Mitundu mu Ogasiti adzanyamule.

Achimwene a ku Biwi: Ndidzabwera ndine. Achemwali ikani nambala ija pano, ya Epulo ndituma Lachisanu.