Ndiwalembere chiyani anzanga a kuntchito poyamba chaka?

Wofunsa (dzina labisidwa): Abale ndithandizeni, tulo sitikubwera. Ndimayang'anira anthu 11 pa shopu yosoka mayunifolomu a sukulu kuno ku Blantyre. Tili ndi kakalata ka mwezi ndi mwezi komwe timamata pachitseko n'kutumizanso pa WhatsApp. Abwana andiuza kuti ndilembemo uthenga wachidule wa chaka chatsopano, mutu wake kukulira limodzi, ndipereke Lolemba. Chaka chatha analemba mphwawo, amene amafika 10 koloko koma amalandira kuposa ine. Kunyumba mwana akudikira fizi, landilodi nayenso wakweza lendi. Ndalemba masamba awiri m'Chingerezi koma ndikawerenga sizikundigwira mtima. Ndiyambe bwanji?

Bambo a Tadala: Kukulira limodzi kwake kuti? Amakula ndi abwana, galimoto chaka ndi chaka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi mabwana angati anakweza malipiro? Anthu sadya kalata mayi.

Nachisale: Ikanimo mwambi basi, mutu umodzi susenza denga, kenako vesi. Mwamaliza.

Bambo a Tadala: Mwambi womwewo abwana anga akale anautchula pa pate ya Khirisimasi. Januwale asanathe tinachotsedwa asanu, mpaka lero ndalama zanga ndikuyendera.

Mayi Nabanda: Achemwali, choyamba masamba awiriwo ang'ambeni. Telala amawerenga pafoni nthawi ya tiyi, ndiye mawu 120 akwana, oti aoneke onse osatsitsa kwambiri. Musatumize PDF, ambiri satsegula poopa bandulo. Lembani m'Chichewa, momwe mumawalankhulira akathyola singano. Muikemo zitatu zokha: ntchito imodzi yomwe munaigwira bwino chaka chatha, vuto limodzi lomwe aliyense akulidziwa, ndi chinthu chimodzi chomwe chisinthe, ndi tsiku lake. Mawu oti kukula asiyeni mpaka mutapeza chomwe wosoka mabatani apindule nacho.

Che Jafali: Mukusoka pa mtengo wanji? Ndikufuna madiresi 40 a pulayimale.

Achimwene a ku Joni: Kuno amatchula wogwira bwino ntchito m'kalata, anthu amalimbikira. Tchulani awiri atatu.

Mayi Nabanda: Pa anthu 300 zimatheka. Pa 11 mukatchula atatu, 8 otsalawo awerenga kufuna dzina lawo. Tchulani magulu: odula, osoka, ositila. Kapena onse.

Bambo a Tadala: Inu mukukongoletsa mawu, nkhani ndi ndalama! Alembe kuti malipiro akwera, apo ayi asalembe kanthu.

Mayi Nabanda: Zimenezo ndiye zingamuchotsetse ntchito. Sangalonjeze ndalama zomwe mwini shopu sanavomereze, ndipo mwezi ukatha osaona kanthu odzamufunsa ndi anzake omwewo. Wofunsa, chaka chatha chinatha bwanji pamenepo? Simunatiuze.

Wofunsa: Pepani. Tinali 14. Atatu anaimitsidwa sabata ya Khirisimasi sukulu ina itatilanda oda. Mmodzi ndinkadya naye mbale imodzi masana. Makina awo akadali pomwepo, tawafunditsa zitenje.

Bambo a Tadala: NDINANENA INE.

Nachisale: Mayi inu, mumayamba ndi za landilodi kusiya zimenezi?

Mayi Nabanda: Ndiye chifukwa chake sizikukugwirani mtima. Munthu akuyang'ana makina ofunditsidwa simungamuuze za kukula osatchula anzakewo, aganiza kuti wotsatira ndi iye. Ndikanakhala ine ndikanalemba chonchi: “Anzanga, talowa chaka tili 11, pomwe tinali 14, ndipo tonse tikuwasowa anzathu aja. Zikomo odula, osoka ndi ositila chifukwa oda ya sukulu zotsegulira munaimaliza pa nthawi yake. Chaka chino tiziphunzitsana: Lachisanu lililonse, ola limodzi, wodziwa kudula aphunzitse wosoka, wodziwa ovaloko aphunzitse mnzake. Tiyamba Lachisanu loyamba tikachoka pa holide ya Chilembwe pa 15 Januwale. Amene ali ndi funso pa za ntchito yake andipeze.” Oda yomwe ndatchulayo muikepo yeniyeni. Za ola la Lachisanulo mugwirizane kaye ndi abwana, ndipo likhale mkati mwa nthawi ya ntchito. Chifukwa chomwe anzanuwo anachotsedwera musalembe, afotokoze okha eni ake pamaso.

Bambo a Tadala: Kuwaphunzitsa ntchito ziwiri kuti munthu mmodzi azigwira za awiri pa malipiro omwewo. Ndazionapo ine.

Achimwene a ku Joni: Apa mdala wanena zoona pang'ono. Koma luso lodula munthu amachoka nalo, akhoza kukatsegula yake ku Ndirande.

Wofunsa: Mayi Nabanda zikomo, ndakopera. Koma abwana ananena kuti za anthu atatu aja zisamveke n'komwe m'kalatamo. Ndiwatumizire chonchi aone okha, kapena ndikawapeze kaye mawa?

Che Jafali: Madiresi aja bwanji?