Liwu la guagua: kasitomala akukana kuti likhale ndi matanthauzo awiri m'ntchito imodzi

NaBanda

Anzanga omasulira, ndithandizeni msanga chifukwa ntchitoyi ikufunika Lachisanu ndipo mutu wandizungulira. Ndikumasulira mawu a pansi pa kanema kuchokera m'Chisipanishi kupita m'Chichewa, ndipo kanemayo ndi wa amayi a ku Chile ndi a ku Dominican Republic ofotokoza mavuto amene amakumana nawo popita kusikelo. Mayi wa ku Santo Domingo akuti "perdí la guagua", ndipo ndalemba kuti basi inamusiya. Mayi wa ku Santiago akunena mawu omwewo akugwetsa misozi, ndipo ndalemba kuti anapita padera. Tsopano wounika ntchito wa kasitomala, amene Chisipanishi sachidziwa, wayendetsa QA mu Trados, yamuonetsa kuti segimenti imodzi ili ndi matanthauzo awiri, ndipo wandibwezera fayilo yonse ndi lamulo lakuti nditsate mndandanda wawo wa mawu, umene ukuti guagua ndi basi. Ndimufotokozere motani munthu ameneyu mwachidule, popanda kuoneka ngati ndikungoteteza ntchito yanga?

Mkulu Chisale

Mayi NaBanda, inu mwamasulira bwino, koma vuto lenileni ndi la amene anakupatsani mawu osalongosoka. Chisipanishi chenicheni ndi cha ku Spain, ndipo kumeneko basi ndi autobús pamene khanda ndi bebé. Auzeni akonze kaye mawu awo kuti akhale m'Chisipanishi chovomerezeka, kenako mumasulire. Ine ndakhala ndikuchita zimenezi kuyambira kale ndipo QA sinandivutitsepo.

Mphunzitsi wa ku Chipata

A Chisale, mundikhululukire, koma malangizo amenewo sangathandize pano. Awa ndi mawu a anthu olankhula pa kanema, ndipo palibe amene angabwerere kukawasintha pakamwa pawo. Komanso zilumba za Canary ndi gawo la Spain, koma kampani ya mabasi ya mumzinda wa Las Palmas dzina lake ndi Guaguas Municipales, lolembedwa pa basi iliyonse.

Mayi NaBanda, pofotokozera wounikayo musayambe ndi kunena kuti liwu limodzi lili ndi matanthauzo awiri, chifukwa munthu wozolowera mindandanda akangomva zimenezo amafunsa kuti tanthauzo lolondola ndi liti. Muuzeni kuti awa ndi mawu awiri osiyana amene angofanana kalembedwe ndi katchulidwe. Guagua wa khanda anachokera ku liwu lakuti wawa la Chikechuwa, chilankhulo cha anthu a kumapiri a Andes, ndipo amamveka kumene chilankhulo chimenechi chinakhudzana ndi Chisipanishi, monga ku Chile, Bolivia, Peru ndi Ecuador. Guagua wa basi ndi wa ku Cuba, Dominican Republic, Puerto Rico ndi zilumba za Canary, ndipo alibe chibale ndi Chikechuwa. Dikishonale ya Real Academia Española imawalemba padera, wina ndi nambala 1 wina ndi nambala 2, ndipo pa wa khanda imatchula Chikechuwa pamene pa wa basi imanena kuti chiyambi chake anthu amatsutsana nacho. Jambulani tsamba limenelo mumutumizire. Ngati wounikayo ndi Mmalawi, mufunseni ngati mndandanda wake ungalamule kuti liwu lakuti mtengo limasuliridwe mofanana m'mawu a wodula mitengo ndi a wogulitsa pamsika.

Dotolo Mvula

Ine si womasulira weniweni, ndimangothandiza alendo kuchipatala, koma Chisipanishi changa ndinachiphunzira ku Havana ndili pasukulu ya udokotala. Kumeneko anatiuza kuti dzina la guagua wa basi linachokera ku kampani ya ku America yotchedwa Wa & Wa imene inabweretsa mabasi oyamba, ndipo anthu ankangowerenga zolembedwa m'mbali mwa basi. Mwina mungaikemo nkhani imeneyi, chifukwa anthu amaikonda. Ndikukumbukiranso tsiku lina pamsonkhano pamene ndinamva mzamba wa ku Chile akuti mayi wina "está esperando guagua", mnzanga wa ku Cuba amene tinakhala naye n'kufunsa modabwa kuti nanga n'chifukwa chiyani mayi wodikira basi akumupatsa mapiritsi owonjezera magazi.

Mphunzitsi wa ku Chipata

A Dotolo, nkhani ya kampaniyo imafotokozedwa kwambiri ku Cuba ndi ku Canary, koma umboni wolembedwa wotsimikizira kuti ndiko kunachokera dzinali sunaonetsedwe, ndipo akatswiri ena amaganiza kuti liwuli linachokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza ngolo. Ndikupempha kuti mayi NaBanda asaiike m'kalata yawo, chifukwa wounika akangopeza mfundo imodzi yokayikitsa amakayikira zonse zimene mwalemba.

Koma chitsanzo chanu cha mzamba ndi chothandiza kwambiri, chifukwa chikuonetsa mmene munthu angadziwire tanthauzo kuchokera m'chiganizo momwemo. Ku Chile "esperar guagua", popanda kaliwu kakuti "la" pakati, ndiko kukhala woyembekezera, pamene wa ku Havana woima pasiteji nthawi zambiri amati "esperando la guagua". Chizindikiro chimenechi pachokha si chokwanira, choncho yang'anani mawu oyandikana nawo. Mukaona parada, chofer kapena pasaje, nkhani ndi ya ulendo. Mukaona pañal, pecho kapena matrona, nkhani ndi ya mwana. Ndipo mayi wa ku Santiago akafuna kunena za basi amati la micro, kotero ngati m'mawu ake muli micro penapake, muli ndi umboni wakuti guagua wake si galimoto.

Che Jafali

Ine ndingakulangizeni kuti mugwiritse ntchito es-419, Chisipanishi chosakondera dziko lililonse la ku Latin America. Mukalemba autobús ndi bebé aliyense amamva, kaya ndi wa ku Mexico kaya wa ku Argentina. Chenjeraninso ndi mneni coger, amene ku Spain ndi ku Cuba amangotanthauza kutenga kapena kukwera, koma ku Argentina ndi ku Mexico ndi mawu olaula. Bungwe lina linandipatsa chikalata cholangiza alendo mmene angakwerere basi chili ndi mneni ameneyu m'ndime iliyonse, ndipo alendowo anali ochokera ku Buenos Aires. Ndinasintha monse n'kuika tomar, koma amene analemba chikalatacho anakwiya ngati ndamunyoza.

NaBanda

Che Jafali, zikomo, koma ine ndikuchokera m'Chisipanishi kupita m'Chichewa, ndiye kusankha autobús kapena bebé si kwanga. A Mphunzitsi, ndayang'ana ndipo mayi wa ku Santiago uja akutchuladi micro kawiri pofotokoza ulendo wake wopita kuchipatala. Koma tsopano ndapeza vuto lina. Mu fayilo ya ku Chile muli mayi wachitatu amene akuti "la guagua no pasó", ndipo kalankhulidwe kake sikakufanana ndi ka anzake.

Mkulu Chisale

Mwaona tsono zimene ndimanena. Mukangolola kuti dziko lililonse likhale ndi Chisipanishi chakechake, mapeto ake ndi amenewa. Mndandanda wa mawu unapangidwa kuti liwu limodzi likhale ndi tanthauzo limodzi, ndipo wounikayo sakulakwa kufuna zimenezo. Bwezani mawuwo akawakonze.

Nyamathanga

A Chisale, pa mfundo yakuti mndandanda uyenera kulemekezedwa ndikugwirizana nanu, koma mndandanda umene sunena dziko ndi wosamalizidwa, ndipo chofunika ndi kuukonza osati kukonza pakamwa pa amayi.

Mayi NaBanda, nkhawa yanga ili pa makina kuposa pa kalata. Ngati mafayilo onse akudya TM imodzi, segimenti ya "perdí la guagua" idzabwera ngati yofanana 100% ndipo mukawatsegula pamodzi Auto-propagation idzalemba tanthauzo lomaliza limene munatsimikiza pamwamba pa linzake, inu osaona. Munthu wina akadzatsegula pulojekitiyo chaka chamawa, mayi wotaya mimba adzakhala wosiyidwa ndi basi pamaso pa anthu oonera. Zimitsani Auto-propagation, gawani TM kukhala ziwiri, ya es-CL ndi ya es-DO, ndipo mu termbase muike guagua kawiri, aliyense ndi dziko lake. Masegimenti ovutawo muwakhome mukamaliza, ndipo pa lililonse musiye ndemanga ya chiganizo chimodzi.

Koma musakhulupirire chizindikiro cha dziko chokha. Chizindikirocho chimanena kumene kanema anajambulidwa, osati kumene wolankhula anakulira. Ku Santiago kuli anthu ambiri obwera kuchokera ku Venezuela, Peru, Haiti, Colombia, komanso ku Cuba ndi ku Dominican Republic. Mayi wanu wachitatu akhoza kukhala wa ku Caribbean wokhala ku Chile, ndipo "no pasó" ndi mmene munthu amanenera za basi imene sinadutse. Komabe m'nkhani ya uchembere mawu omwewo akhoza kunenedwa za mwana amene analephera kutsika pobadwa, choncho musalote. Onerani kanemayo mphindi imodzi m'mbuyo ndi m'tsogolo, ndipo mufunse kasitomala kwawo kwa mayiyo. Chenjezo lina ndi lakuti ku Puerto Rico ndi ku Dominican Republic guagua akhoza kukhalanso minibasi kapena galimoto yaikulu ya banja, ndiye ngakhale mu fayilo ya es-DO liwu lakuti basi silikhala lolondola nthawi zonse.

Mphunzitsi wa ku Chipata

Ndikuvomereza zonsezo. Pa kalata, ine ndingalembe ziganizo zitatu zokha: kuti mawuwa ndi awiri ochokera kosiyana, kuti wolankhula aliyense wamasuliridwa malinga ndi kwawo komanso mawu oyandikana nawo, ndi kuti kutsatira mndandanda pa segimenti ya ku Santiago kungachititse mayi wolira maliro a mwana kunena za basi. Ngati akufuna umboni wina, Diccionario de americanismos ya mu 2010 imaika zidule za mayiko patsogolo pa tanthauzo lililonse, ndipo mu CORPES XXI, nkhokwe ya zitsanzo za Chisipanishi ya Real Academia Española, mukhoza kusefa zitsanzo potengera dziko.

Musamuuze wounikayo kuti kusiyana konse kwa Chisipanishi kumachitika motere, chifukwa mawa adzakumana ndi camión, amene ku Mexico amatanthauzanso basi pamene kwina ndi lole, ndipo limeneli ndi liwu limodzi limene tanthauzo lake linangotambasuka. Kufotokoza kwa mawu awiri sikungagwire pamenepo.

Dotolo Mvula

Mnzanga wa ku Ecuador anandiuzanso kuti kwawo amati el guagua kwa mwana wamwamuna, pamene ku Chile ndi la guagua ngakhale mwanayo akhale mnyamata. Pa 2 Novembala amaphika buledi wooneka ngati khanda, guaguas de pan, n'kumadyera limodzi ndi chakumwa chotchedwa colada morada pokumbukira akufa. Tsono mu mndandanda wanuwo buledi ameneyu mumuika pa dziko liti?

Mkulu Chisale

Basi, khanda, galimoto ya banja, ndipo tsopano buledi. Ine ndikadali pa mawu anga aja, mayi NaBanda. Kodi kasitomalayo akulipirani nthawi yonse imene mukuthera pofufuza kwawo kwa mayi aliyense?