Funso: soda m'malo mwa beking'i paudala pophika masikono

Akuluakulu odziwa kuphika, ndithandizeni pa muyeso uwu.

Kusiyana kwake ndikukudziwa. Soda payekha satupitsa bwino ufa mpaka atakumana ndi chowawasa, monga chambiko, madzi a mandimu kapena viniga. Beking'i paudala ndi soda yemweyo wosakaniza kale ndi chowawasa chouma, n'chifukwa chake amangofuna madzi ndi moto basi. Soda ndiye wamphamvu: kasupuni ka tiyi kamodzi ka soda kamalowedwa m'malo ndi timasupuni 3 ta paudala.

Pondivuta ndi pamene paudala palibe. Masikono a makapu 4 a fulawa amafuna timasupuni 4 ta paudala. Mwachizolowezi, kasupuni kamodzi ka paudala kamasinthidwa ndi kota ya kasupuni ka soda ndi theka la kapu ya chambiko. Ndiye kuti pano pafunika kasupuni kamodzi ka soda ndi makapu 2 a chambiko. Koma ufa umenewu umangolandira kapu imodzi ndi theka. Mukathira onse awiri, umamata m'manja, osadulikanso ndi kapu. Mukachepetsa chambiko, soda wina amatsala osagwira ntchito, ndipo sikono limatuluka lachikasu mkati, lomveka sopo pakamwa.

Ndiye theka la kapu lotsalalo ndilikwaniritse ndi madzi a mandimu? Timasupuni tingati? Kapena ndibwino kungochepetsa soda kufika pa makota atatu a kasupuni, ngakhale masikono atupe pang'ono? Amene munayesapo, chonde nditchulireni muyeso weniweni.