Ekisire ya dzanja akuti mafupa ndi a zaka 11 pomwe mwana ali ndi 13, zikutanthauza chani?

Mayi wa ku Kawale: Amagulu ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 13 koma ndi wamfupi kwambiri, masentimita 136, mkalasi mwawo ndiye wotsiriza ndipo anzake amuyamba kale zomutcha maina. Kuchipatala atamuyeza anatitumiza kukajambula dzanja lamanzere, ine kudabwa kuti dzanja lalakwa chani poti silikupweteka. Zotsatira akuti mafupa ake ndi a mwana wa zaka 11, tibwerenso pakatha miyezi 6. Basi osapatsidwa ndi panado yemwe. Kodi ndiye kuti wapinimbira mpaka kalekale?

Bambo wa ku Chinsapo: Zimenezi si zija amagwirira anyamata ampira onama zaka? Mwinatu kusikelo analemba chaka cholakwika mayi

Mayi wa ku Kawale: Achimwene ndinabereka ndekha mwanayu, tsiku lake ndingaliiwale?

Wojambula mafupa: Kumpira kuja amagwiritsa makina ena, ndipo ngakhale iwowo sanena tsiku lobadwa. Mayi, chithunzicho chimaonetsa pomwe mafupa afika pokhwima. Kumapeto kwa mafupa a zala ndi pamene timavala wotchi paja pamakhala kamzere kakuda, ndi chicherechere chomwe sichinaume, fupa limatalikira pamenepo. Kamzereko kakatsekeka kutalika kwatha. Ndiye timaika chithunzi cha mwana pambali pa zithunzi za mbuku la Greulich ndi Pyle nkuona chomwe chikufanana nacho. Mwachitsanzo pali kafupa kakang'ono ngati njere ya mapira patsinde pa chala chachikulu, kwa anyamata kamaoneka cha mma 13, atsikana cha mma 11. Yang'anani filimu yanuyo pa windo, ndikukhulupirira simukapeza.

Koma ndinene zoona, bukulo ndi la 1959 ndipo ana ake anali azungu a ku America, si muyezo wa mwana wa ku Kawale ndendende. Komanso anthu awiri kuwerenga filimu imodzi atha kusiyana ndi miyezi ingapo.

Mayi wa ku Biwi: Mafupa akatsalira ndi nkhani yabwino sisi, ndiye kuti adzatalika mochedwa. Mchimwene wanga anali kafupi mpaka fomu 3, pano amachita kuwerama pakhomo. Musavutike kubwererako mungotha thiransipoti

Namwino wa ana: Asisi a ku Biwi mwanena zoona theka, koma zosabwererako ayi chonde. Zoona mwana wamfupi amene mafupa ake atsalira ali ndi nthawi yambiri yokulira kuposa wamfupi amene mafupa akufanana ndi zaka zake. Vuto ndi loti chithunzi sichinena chomwe chachedwetsa. Kuchedwa kwa kumtundu kumaoneka choncho, chithokomiro chikafooka chimodzimodzi, homoni yokulitsa ikachepa, kusadya mokwanira, matenda amgonagona, zonse filimu imatuluka yofanana. Chomwe chimasiyanitsa ndi liwiro lomwe akukulira, nchifukwa chake akupatsani miyezi 6. Mwana amene sanathe msinkhu amawonjeza masentimita 5 kapena 6 pachaka, ndiye mukabwerera akhale atakwera 2 ndi theka kapena 3. Akapezeka pansi pa 2 pamenepo adokotala ayamba zoyeza magazi. Kabuku kake kakuchipatala mupite nako ngati munalembedwapo msinkhu wakale. Inu ndi bambo ake ndinu atali bwanji?

Mayi wa ku Kawale: Ine 155, bambo ake 168 anatiyeza tonse tsiku lomwelo. Ndawafunsa apongozi akuti bambo akewa mawu anasintha ali ndi 16

Namwino wa ana: Eya zimenezo mukawauze adokotala, kuchedwa kwa kumtundu nthawi zambiri kumapezeka mwa kholo. Tiwerengere limodzi. Kwa mnyamata timaphatikiza 168 ndi 155, kuwonjeza 13, kugawa pawiri, ikubwera 168. Ndiwo msinkhu wa kumtundu kwanu, ukhoza kukwera kapena kutsika ndi masentimita ngati 8. Tsopano mbali ya mafupa, mnyamata amene mafupa atsalira ali pa 11 amakhala wafika pafupifupi 82 pa 100 ya msinkhu wake womaliza. 136 kugawa ndi 0.82 ikutipatsa cha mma 166. Mwaona ziwirizi zayandikana, nchifukwa chake sanathamangire mankhwala. Koma 166 yo musailembe pakhoma, kwa ana ochedwa kuwerengera uku kumakonda kupitirira pang'ono. Ndipo akafika 14 popanda chizindikiro chilichonse cha kutha msinkhu amuonenso.

Bambo wa ku Likuni: Ine wanga ndi zosemphana, mtsikana wa zaka 7 wamtali kuposa anzake onse mawere ayamba kale, mafupa akuti a zaka 10. Ife timanyadira kuti watengera agogo ake

Namwino wa ana: Bambo inuyo ndiye musadikire miyezi 6 ngati mayiwa. Mawere asanakwane zaka 8 kuphatikiza mafupa othamanga ndi zaka 3, timizere tija titha kutsekeka msanga nkudzathera wamfupi. Anakupatsani tsiku lobwerera?

Bambo wa ku Likuni: Anatipatsa koma tinajomba, mayi ake amati bola akudya bwino. Ndiwaonetsa zimenezi madzulo