Shopu ya mlamu wanga yapsa ku Nchalo, kampani yawerengera bwino chipukutamisozi?

Abale, ndithandizeni nzeru. Shopu ya ukalipentala ya mlamu wanga ku Nchalo inapsa, ndipo yakhala yotseka miyezi inayi. Kupatula inshulansi ya moto, anadulanso ya ndalama zotayika bizinesi ikaima.

Kampani yawerengera chonchi. Miyezi yomweyo chaka chatha anagulitsa katundu wa K8 miliyoni. Chaka chino, pokhomera mabenchi pansi pa mtengo wa nimu, wapeza K2 miliyoni yokha, ndiye kusiyana kwake ndi K6 miliyoni. Akuti pa K100 iliyonse, K60 imapita ku matabwa, misomali ndi vanishi, zomwe sanagule, choncho amupatsa K40 yotsalayo. Zonse pamodzi K2.4 miliyoni, ndipo achotsaponso ndalama za magetsi zomwe sanalipire shopu ili yotseka.

Pomwe pakundivuta ine ndi apa. Miyezi imeneyo chaka chatha madzi anasefukira, msewu unaduka, ogula sankabwera. Chaka chino malonda amayenda bwino, mabuku a malisiti akuonetsa, mwamwayi mabukuwo anali kunyumba. Kodi angaumirire kuti K8 miliyoniyo ikwezedwe potengera mmene bizinesi imakulira moto usanabuke? Amene munadutsamo, munapereka umboni wanji kwa wowerengera zowonongeka kuti avomere?