Laputopu ikuuma koma disiki ikungolira, ndithandizeni

Wofunsa: Akuluakulu, ndili pamoto. Laputopu yanga ya Linux ikumauma, mbewa osayenda, koma kagetsi ka disiki kali piriwiri osapuma. Ndinaigula kwa munthu wina amene pano sakuyankhanso foni, mnzanga wa m'chipinda amaibwereka osapempha, ndipo asayimenti ikufunika Lachisanu. Wina wati ndi thirashing'i. Chimenecho n'chiyani?

Wokonza makompyuta: VAIRASI imeneyo! Fufutani zonse muyambirenso. Ndakonza zambirimbiri ine.

Mayi wa pa sitolo: Yanga inayamba chonchi, kenaka batire linatupa. Osabwereketsa zinthu, achimwene.

Mphunzitsi wopuma: Musafufute kanthu. Memore imagawidwa m'mapeji, kawirikawiri a makilobaiti 4. Ikadzaza, makina amakankhira mapeji ena ku disiki, kumbali yotchedwa swapu, kuti apeze malo. Vuto limabwera pamene peji yomwe yangotulutsidwa ikufunikanso pompo: kuti ibwerere, ina ituluke, nayonso n'kufunika. Purosesa imangokhala chodikira, chifukwa kutenga peji pa disiki yozungulira kumachedwa pafupifupi ka 100,000 kuposa mu memore. Thirashing'i ndi imeneyo. Ikayamba kuuma lembani ichi mu teminolo, polembera malamulo:

```
vmstat 1
```

Ngati `si` ndi `so`, zoonetsa memore yobwera kuchokera ku swapu ndi yopita kumeneko, zonse zili zokwera mosalekeza, komanso `wa`, nthawi yodikira disiki, ndi thirashing'i yomweyo. Koma simunanene: memore ndi yochuluka bwanji, ndipo mumatsegula chiyani?

Wokonza makompyuta: Zasukulu izo, bambo. Chabwino, ngati si vairasi awonjezere swapu, nkhani yatha.

Wophunzira mnzake: Swapu ili pa disiki yomweyo, madala. Mukukulitsa nkhokwe pomwe chachepa ndi lichero.

Wofunsa: Pepani, ndi magigabaiti 4. Ndimayendetsa kompyuta ina m'kati mwake ya asayimentiyo, ndi bulawuza yamasamba ambiri.

Mphunzitsi wopuma: Ndiye zamveka. Peter Denning mu 1968 anafotokoza ganizo la weking'i seti: pulogalamu sigwiritsa mapeji ake onse nthawi imodzi, imazungulira pa ochepa amene yawakhudza posachedwapa. Amenewo akakwana mu memore, imathamanga ngakhale ena onse ali pa disiki. Tiyerekeze Linux ikukhudza gigabaiti 1, kompyuta yam'katiyo 2, bulawuza 1.5. Zonse 4.5, malo ndi 4. Theka loperewera lokhalo likwanira kuumitsa zonse, poti aliyense akulanda mapeji a mnzake. Njira ya Denning ndi kuimika pulogalamu imodzi yonse kuti zotsalazo zikwane, m'malo moti zonse zipereweredwe. Tsekani bulawuza, zotsalazo zifuna 3 basi.

Wophunzira mnzake: Nanga "posachedwapa" ndi masekondi angati?

Mphunzitsi wopuma: Pamenepo ndiye povuta. Mukayeza kanthawi kochepa muphonya mapeji ofunika, mukatalikitsa muwerengera ndi omwe anasiyidwa kale. Palibe nambala imodzi yoyenera pulogalamu iliyonse.

Wokonza makompyuta: Mapeto ake mubwera kwa ine kudzagula memore. Ndikudikira!

Wofunsa: Ndatseka, yayamba kuyenda. Koma malangizo a asayimenti ali mu bulawuzamo, ndiziwerenga bwanji?