Mpopi wa ku Area 25 ukungodontha

Make Tadala (Joni): Abale thandizeni. Mpopi wapanja kunyumba kwathu ku Area 25 ukudontha usiku wonse, amayi atchera ndowa ndipo pofika m'mawa imakhala itadzadza. Mchimwene wanga amamanga chogwirira ndi mphamvu zake zonse koma osasiya. Bilu ndimalipira ndine kuchokera kuno.

Bambo a Chiko (Cape Town): Muuzeni asiye kumanga mwamphamvu, akuwonongeratu. M'kati muli kalabala kozungulira, washala, kamene mukapotokola chogwirira kamatsika n'kukatseka pakamwa pa bowo la madzi. Kakauma kapena kung'ambika, madzi amapeza podutsa. Kukanikiza kwambiri n'kumene kumakadula. Koma madziwo akutulukira kukamwa kwa mpopi kapena m'munsi mwa chogwirira?

Make Tadala: Kukamwa, achimwene.

Bambo a Chiko: Ndi washala ameneyo. Ayambe watseka madzi pa mita, kenako atsegule mpopi mpaka otsalira athe. Pansi pa chogwirira pali nati yaikulu yokhudzana ndi thupi la mpopi, amasule imeneyo ndi sipanala, osati kanati kapamwamba. Wina agwire mpopiwo zolimba, apo ayi paipi ipotokoka ndipo ntchito ikula. Mutu wonse uzuka, washala ali kunsi kwake, nthawi zina womangidwa ndi kanati kakang'ono. Anyamule wakaleyo popita ku hadiweya, kaya kwa Nsungwi kaya ku Malangalanga, chifukwa alipo a 15mm ndi a 20mm. Pobwezera, chogwirira chikhale chotsegula, kuti labala watsopano asafinyike pamene akumanga nati.

Anaphiri (Durban): Ife kwa Kawale tinkangodula patapata wakale n'kuikamo.

Bambo a Chiko: Zimagwira masiku ochepa, mayi, koma patapata ndi wofewa, amanyenyeka. Chubu cha galimoto chiliko bwino pongoyembekezera.

Mjomba (Pretoria): Akulunge thiredi tepi basi. Wanga unkathira madzi m'manja ndikatsegula, unasiya.

Bambo a Chiko: Lanulo linali vuto lina mjomba, unkadonthera pamwamba, pa kanati ka chogwirira. Wodontha kukamwa tepi sangauthandize.

Anaphiri: Nanga wanga kuno ndinasintha washala kawiri, mwezi sunathe wayambiranso.

Bambo a Chiko: Pisani chala m'kati mukhudze pamene labala amakhalapo. Pakakhala pokhakhala kapena pali kamng'alu, padyeka. Madzi akasiya n'kubweranso amatha kubwera ndi timchenga, timeneti timakanda mkuwawo, ndiye washala aliyense amadyeka msanga. Pali kachida kopalira kuti pasalale, mapulambala ena ali nako, koma pa mpopi wapanja ine ndimangogula wina.

Make Tadala: Wandituma ndifunse, wa kukhitchini sazungulira kambiri, amangokhota pang'ono n'kutseka. Nawonso wayamba.

Bambo a Chiko: Umenewo ulibe washala wotere, muli timbale touma tiwiri totsetsereka, amasintha kachigawo konse. Atumize chithunzi asanamasule chilichonse.